Fizi ikakwera pakati pa chaka: kalata yopempha ndalama yoonjezera kwa amene amakulipirirani mwana

Kumapeto kwa Novembala 2023, nthawi imene mlimi wa fodya ku Kasungu amakhala maso ali kumitambo uku mbande zikudikira kunazale, mlamu wanga wa cha ku Chamama anandipeza ndi pepala lopindapinda m'thumba la malaya. Linachokera kusukulu ya sekondale yogonera komweko kumene mwana wake wamkazi anali Fomu 3. Pepalalo linkati kuyambira teremu yachiwiri fizi ichoka pa K180,000 kufika pa K240,000, chifukwa chimanga, nyemba, nkhuni ndi magetsi zakwera mtengo. Amene ankalipirira mtsikanayo ndi mayi wina wa kumudzi komweko amene amagwira ntchito ku America. Mu Seputembala anali atagwirizana kuti azitumiza K236,000 pa teremu: fizi, ndalama yoyendera, sopo ndi makope.

Mlamu wangayo anali atalemba kale kalata yake, masamba awiri odzaza. Munali za feteleza amene wakwera, za denga la chigafa limene likufunika kufoleranso, za agogo amene akudwala mwendo, ndipo kumapeto kwenikweni munali mawu akuti, “Chonde mayi, tithandizeni ndi kangachepe kalikonse.” Zonse zimene analembazo zinali zoona. Koma munthu wowerenga kalatayo sakanadziwa kuti akupemphedwa ndalama zingati, za chiyani, ndiponso zifike liti. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyambiranso, ndipo zimene tinachita masiku amenewo ndi zimene ndikufuna kukufotokozerani. Manambala a banjali ndachotsako timakwacha ta pamwamba kuti masamu aziyenda bwino, koma mitengo ya dola ndi ya mafuta ndi imene inalengezedwa nthawiyo.

Mfundo yake ndi imodzi. Kalata yotere sikupempha thandizo latsopano ayi. Munthuyo anavomera kale kusenza mtolo wakutiwakuti, pa mtengo wakutiwakuti. Mtengowo wasuntha popanda inu kulakwa, ndiye chimene mukupempha ndi kusiyana kwa mtengo wakale ndi watsopano, basi. Kusiyanako kuoneke pa mapepala awiri, lakale ndi latsopano, kuti iye achotsere yekha n'kupeza nambala yomwe inu mwapeza.

Yambani mwadzifunsa ngati n'zadzidzidzidi

Musanagwire cholembera, siyanitsani zinthu zitatu zimene pakhomo timazitchula ndi dzina limodzi lakuti “ndalama yaperewera”. Pali mtengo umene wakwera mosayembekezereka. Pali chinthu chimene munaiwala kuika pa bajeti. Pali ndalama imene inafika koma munaigwiritsa ntchito ina.

Kukwera kwa fizi pakati pa chaka n'kwa mtundu woyamba. Pa 9 Novembala 2023 Banki Yaikulu ya dziko lino inachepetsa mphamvu ya kwacha, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tsiku lotsatira bungwe la MERA linakweza mafuta: petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, dizilo kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734. Palibe kholo la kwa Santhe, kwa Wimbe kapena ku Nkhamenya limene likanalemba zimenezi pa bajeti ya mu Seputembala. Koma ndalama ya mayeso a MANEB ya mwana wa Fomu 4 si yadzidzidzi, imadziwika chaka chisanayambe. Ngati munaiiwala, lembani kuti munaiiwala, mupepese, mupemphe. Ndipo ngati fizi ya mwana munagulira thumba la feteleza wa fodya poganiza kuti mudzabweza msika ukatsegulidwa, musaiveke malaya a kugwa kwa kwacha. Nkhani imeneyo imafuna kalata ina, youlula. Wothandiza akadzafunsa kusukulu n'kumva kuti fizi sinakwere ndi ndalama imene munanena, chimene chimatha si K60,000 yokha ayi, sukulu ya mwanayo imathera pomwepo.

Masamu achiteni mu ndalama ya wothandizayo

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Funso loyamba ndi lakuti: amene amakuthandizaniyo amalandira malipiro ake mu ndalama yanji, ndipo anakulonjezani mu ndalama yanji?

Taonani za mlamu wanga. Mu Seputembala, K236,000 pa mtengo wa K1,180 inali madola 200 ndendende. Zinthu zitakwera, zofunika pa teremu zinafika pa K316,000: fizi K240,000, ulendo wopita ndi kubwera K24,000 m'malo mwa K16,000, sopo, makope ndi zina K52,000 m'malo mwa K40,000. M'maso mwa mlimi wa ku Chamama, K80,000 yoonjezera ndi phiri. Koma gawani K316,000 ndi K1,700, mupeza madola pafupifupi 186. Kutanthauza kuti kwa mayi wa ku America uja, teremu yokwera mtengoyi inali yotsika poyerekeza ndi yoyamba ija.

Ndiye pali njira zitatu. Ngati wothandiza wanu amatumiza madola 200 osasintha, pa mtengo wa K1,700 uja mumalandira pafupifupi K340,000, ndipo palibe chopempha. Zoonjezera zonse zalowa kale mmenemo, patsalanso K24,000. Kalata yoyenera pamenepo ndi yomudziwitsa kuti fizi yakwera, ndalama yake yakwanira, ndipo yotsalayo mukufunsa kuti muisunge kapena mugulire mwana chakuti. Amene amalemba kalata yolira kuti kwacha yagwa pamene iye akulandira madola amadziika pa mpeni yekha, chifukwa munthu wa kunja amaona mtengo wa dola pafoni pake nthawi iliyonse akamatumiza.

Ngati analonjeza m'makwacha ngakhale amalandira madola, mapaundi kapena marandi, monga zinalili kwa mlamu wanga, muli ndi mfundo yamphamvu kwambiri, ndipo muilembe poyera koma mwaulemu: ndalama yoonjezerayi m'makwacha ndi yambiri, koma m'thumba mwanu simutuluka zoposa zimene munatulutsa teremu yatha. Gwiritsani ntchito mtengo wa dola umene uli pa kapepala kamene munapatsidwa polandira ndalama, kaya ndi kubanki kaya ndi ku Mukuru, chifukwa umasiyanako pang'ono ndi umene umalengezedwa pa wailesi. Mtengo wa mavenda a m'misewu musaulowetse m'kalata.

Koma ngati wothandiza wanu ndi malume a mwanayo amene ndi mphunzitsi ku Lilongwe, kapena mpingo wa kwanu, nkhani yasintha. Iwo amalandira makwacha omwewo amene afookawo, ndipo shuga amene wakukwererani inu wawakwereranso iwo pamene malipiro sanasunthe. Kalata yopita kwa munthu wotere ivomereze zimenezi m'chiganizo chimodzi, ndipo imupatse mpata wopereka pang'onopang'ono, mwina K20,000 mwezi uliwonse kwa miyezi itatu, mutapempha kaye kusukulu ngati angalole.

Umboni: mapepala awiri pa chinthu chilichonse

Pepala latsopano lokha silikwanira. Likungoonetsa kuti fizi ndi K240,000, silikuonetsa kuti yakwera. Pafunika linzake: kalata ya fizi ya teremu yoyamba, kapena lisiti limene abasa anakupatsani, kapena silipi ya kubanki yoonetsa K180,000. Mlamu wanga silipi yake anaipeza m'Baibulo, pamodzi ndi maseloshiti a fodya a chaka chatha. Pa pepala la kusukulu yang'anani zinthu zinayi: dzina la sukulu, tsiku, chidindo, ndi siginecha ya mphunzitsi wamkulu. Ngati uthenga wa kukwera kwa fizi munangoumva pa msonkhano wa makolo kapena kwa mwana, pitani kuofesi mukapemphe kuti akulembereni. Ndi kachinthu ka mphindi zochepa, ndipo masukulu anazolowera kupemphedwa zotere. Mukatero funsaninso nambala ya foni ya kuofesi imene wothandiza angaimbire kuti adzimvere yekha. Munthu amene akunena zoona saopa kupereka nambala imeneyo.

Zinthu zina zilibe lisiti. Kondakitala wa minibasi ya ku Kasungu boma sapereka pepala, wa kabaza ndiye ngakhale kulota. Pamenepa umboni ndi chilengezo cha MERA, chimene mungachijambule m'nyuzipepala. Chimathandiza, koma chili ndi malire ake. Petulo anakwera ndi pafupifupi 45 peresenti, ndiye ulendo wa K16,000 ukafika pa K24,000, munthu amvetsa. Mukalemba kuti wafika pa K40,000, chilengezo chomwecho ndi chimene chidzakutsutseni. Za sopo ndi makope, ngati munagula m'golosale yopereka lisiti, muli ndi mwayi. Ngati munagula pa msika wa tsiku, mulibe pepala.

N'chifukwa chake ndinauza mlamu wanga kuti tigawe K80,000 ija pawiri. K60,000 ya fizi ili ndi chidindo, imeneyo tipemphe. K20,000 ya ulendo ndi sopo ilibe umboni wogwirika, imeneyo banja lisenze lokha, ndipo tinene m'kalata kuti tasenza komanso kumene tiitenge. Poyamba anakana, akuti wopempha sachepetsa. Koma taganizani mmene wothandiza amaonera. Kalata imene ikuti “zakwera ndi K80,000, ife tapeza K20,000 pogulitsa nkhuku ndi ndowa za soya, tikupempha K60,000 imene ili pa pepala la sukulu” imamuuza kuti mwanayu ali ndi eni ake amene akukoka nawo goli. Sakusiyiridwa yekha.

Kajambulidwe ka mapepala kasakuchepereni. Masiku ano kalata zambiri zimapita pa WhatsApp, ndipo chithunzi chosaoneka bwino chili ngati umboni umene sunabwere. Ife tinayala pepalalo pa mphasa, pakhonde pamene pali kuwala koma dzuwa silikuwomba mwachindunji, n'kutsamiritsa timiyala m'makona kuti mphepo isaliulutse ndiponso mapindidwe awongoke. Mlamu wanga anapukuta galasi la foni ndi nsonga ya malaya, chifukwa zala za munthu wogwira mbande zimasiya dothi paliponse. Makona onse anayi a pepala aoneke, chidindo chiwerengeke. Potumiza, sankhani Document m'malo motumiza ngati chithunzi wamba, kuti zilembo zazing'ono zisafufutike. Malisiti opyapyala otuluka m'makina aja amazilala msanga akakhala m'thumba kapena padzuwa, ndiye ajambuleni tsiku lomwe mwalandira. Kenako pepala lililonse mulipatse nambala, Umboni 1, Umboni 2, kuti m'kalata muzingoloza.

Kalatayo

Tsamba limodzi likwane. Moni ukhalepo, chifukwa kwathu kuno munthu salowa m'nyumba ya mnzake n'kuyamba ndi pempho, koma ukhale wa mizere iwiri. Ikatha mizere imeneyo, nambala ndi tsiku zibwere msanga. Nayi imene tinalemba, ndangochotsa mayina.

4 Disembala 2023

Okondedwa Mayi,

Tikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Kuno tili bwino, ndipo mwana wanu akupitiriza sukulu mwakhama. Tikuthokoza chifukwa cha K236,000 imene munatumiza mu Seputembala. Inagwira ntchito monga tinagwirizana.

Ndalemba kalatayi kupempha kuti muonjezere K60,000 pa ndalama ya teremu yachiwiri, ndi K60,000 inanso pa teremu yachitatu, zonse pamodzi K120,000. Ya teremu yachiwiri ikufunika pasanafike pa 5 Januwale 2024.

Chifukwa chake n'chakuti sukulu yakweza fizi kutsatira kugwa kwa kwacha kwa mwezi watha. Mmene zinthu zasinthira pa teremu ndi motere:

Fizi: inali K180,000, tsopano K240,000, yakwera ndi K60,000 (Umboni 1 ndi 2).
Ulendo wopita ndi kubwera: unali K16,000, tsopano K24,000, wakwera ndi K8,000 (Umboni 3).
Sopo, makope ndi zina: zinali K40,000, tsopano K52,000, zakwera ndi K12,000.
Zonse pamodzi: zinali K236,000, tsopano K316,000, zakwera ndi K80,000.

Pa K80,000 imeneyi, ife tipereka K20,000 ya ulendo ndi sopo teremu iliyonse. Ya teremu ikubwerayi taipeza kale pogulitsa nkhuku ndi soya. Tikupempha ya fizi yokha, kuti ndalama yanu pa teremu ikhale K296,000.

Mu Seputembala K236,000 inali madola 200. Pa mtengo wa lero wa K1,700, K296,000 ndi madola pafupifupi 174. Tanena izi kuti muone mmene pempholi likugwera kumbali yanu.

Ngati mungakonde, fizi yonse mutha kulipira mwachindunji ku akaunti ya sukulu imene ili pa Umboni 2. Ndi akaunti yomwe ija ya teremu yatha. Nambala ya foni ya kuofesi ya sukulu ili pa pepala lomwelo, mutha kuimba kuti mutsimikize.

Ngati sizingatheke zonse, chonde tidziwitseni pofika pa 20 Disembala kuti tikapemphe kusukulu kulipira pang'onopang'ono. Lisiti tidzakutumizirani sabata yomwe tidzalipire, ndipo lipoti la mayeso a teremu ino tidzatumiza mwana akangotsekera.

Ambuye akudalitseni.

Ine wanu,
bambo a mwana

Pansi pake tinandandalika maumboni atatu aja: silipi ya kubanki ya teremu yoyamba, kalata ya sukulu ya fizi yatsopano, ndi chilengezo cha mitengo ya mafuta.

Muona kuti tinapempha za materemu awiri nthawi imodzi. Tinachita dala. Fizi ikakwera sitsikanso, ndipo kubwerera kwa munthu yemweyo mu Epulo ndi kalata ina yonena zomwezo kumamutopetsa, amayamba kuona ngati chitsime chopanda pansi. Muuzeni kamodzi mtolo wonse mmene ulili kufikira kutha kwa chaka, aukonzekere. Muonanso kuti pali masiku awiri: tsiku limene ndalama ikufunika, ndi tsiku limene yankho likufunika. Lachiwirilo ndi lanu. Limakupatsani masabata awiri oti muthamangethamange ngati yankho lili lakuti ayi.

Chiganizo chonena kuti akaunti ndi yomwe ija chili ndi ntchito yake. Anthu a kunja anachenjezedwa kwambiri za akuba amene amalanda nambala ya foni ya munthu n'kumalemba mauthenga opempha ndalama mwachangu, ku akaunti yachilendo. Kalata yopempha ndalama yoonjezera imene ikubweranso ndi nambala yatsopano ya Airtel Money kapena Mpamba imafanana ndendende ndi ya akubawo. Ngati nambala yasinthadi, imbani foni, amve mawu anu.

Nanga za fodya?

Wothandiza amene anakulira ku Kasungu adzafunsa, ngakhale mumtima: kodi si paja fodya amagulidwa m'madola? Ndiye kwacha ikagwa, mlimi sapindula? Funsoli ndi labwino ndipo musalizembe. Yankho lake lili pa kalendala. Kwacha inagwa mu Novembala, pamene mlimi akugula feteleza, akulipira aganyu ookera, akukonza zigafa. Msika wa ku Chinkhoma umatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo mlimi wa pa kontirakiti ndalama yake imafika kampani itadula kale ngongole ya zipangizo. Pakati pa Novembala ndi Epulo pali miyezi ya njala, ndipo fizi ya teremu yachiwiri imagwera pakati penipeni pa miyezi imeneyo. Chiganizo chimodzi chofotokoza zimenezi chikwanira, ngati mukuona kuti funsolo libwera.

Chimene ndikuletsa ndi kulonjeza ndalama ya fodya amene akadali kumunda. Mlamu wanga ankafuna kulemba kuti mayiwo angomubwereka, adzabweza zonse mu Meyi. Ndinamukumbutsa mawu a akuluakulu akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ng'amba ikhoza kubwera, matalala akhoza kuboola masamba, belo likhoza kubwezedwa pa okushoni, mtengo ukhoza kugwa. Mukalonjeza n'kulephera, mwasandutsa wokuthandizani kukhala wokukongozani, ndipo ubale wotere suchedwa kuzizira. Ngati mukufuna kuonetsa mtima wabwino, lembani kuti mukagulitsa mudzamudziwitsa mmene zayendera, ndipo zikadzayenda bwino mudzatengako gawo lalikulu chaka chamawa. Limenelo ndi lonjezo limene mungalisunge.

Za feteleza, za chigafa, za mwendo wa agogo, tinazichotsa zonse. Sikuti n'zazing'ono. Koma mayi uja anavomera za sukulu ya mtsikana, ndipo kalata ikasakaniza fizi ndi feteleza, wowerenga amayamba kukayika ngati ndalama ya fizi idzafikedi kusukulu.

Nthawi yolembera, ndi zimene zimasokoneza

Lembani sabata yomwe mwalandira pepala la kusukulu. Manyazi amachedwetsa anthu ambiri. Amadikira mpaka mwana wabwezedwa pageti ndi chikwama chake, kenako amathamangira kwa wa katapila, ndipo pomwe akulemba kalata amakhala akupempha K60,000 ya fizi ndi chiwongoladzanja pamwamba. Chiwongoladzanjacho palibe wothandiza amene amachilandira ndi mtima woyera, chifukwa amadziwa kuti akanauzidwa msanga sichikanakhalapo. Komanso munthu wolandira malipiro pamwezi amafuna kuti mwezi umodzi uthe kuti akonze, makamaka mu Disembala pamene aliyense akumuyang'ana.

Ngati wothandiza ndi bungwe, osati munthu, njira imatalikirapo. Mabungwe amayendera bajeti ya chaka imene inavomerezedwa kale, ndipo amene mumalankhula naye nthawi zambiri si amene amavomereza ndalama. Mufunseni ngati pali fomu yake, kalatayo ipite kwa yani, ndiponso ngati akufuna ya m'Chingerezi. Akatero, pemphani mphunzitsi akuthandizeni, koma manambala akhale omwewo. Sungani kope la chilichonse chimene mwapereka, mulembepo tsiku ndi dzina la amene walandira.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi cha masamu osagwirizana: pamwamba palembedwa K60,000, pamndandanda pakutuluka K65,000. Kawirikawiri si chinyengo, ndi kutopa chabe, koma wowerenga sangadziwe. Mupatseni munthu wina awonkhetse ndi foni musanatumize. China ndi kukweza nambala mwadala poganiza kuti wothandiza adula theka, ngati mmene timachitira pogula mbuzi pa msika wa Chatoloma. Kalata ya umboni si malo onenerera. China ndi kulembetsa mwana yekha kalata yopempha ndalama. Mwana alembe yake yothokoza ndi yofotokoza za maphunziro, koma za ndalama alembe wamkulu amene anagwirizana ndi wothandizayo. Ndipo mawu oopseza, monga akuti “mukapanda kutumiza ndiye kuti mwana akwatiwa”, asapezeke m'kalata yanu. Nenani chimene sukulu yanena kuti ichita kwa osalipira, ngati yanenadi, osaonjezera.

Mukatumiza, dikirani masiku asanu kapena sabata, kenako funsani kamodzi ngati kalata inafika ndiponso ngati zithunzi zikuwerengeka. Kuimba tsiku ndi tsiku, kapena kufulasha usiku osaganizira kuti kwawoko ndi nthawi yanji, sikufulumizitsa kanthu.

Yankho likakhala lakuti ayi, kapena lakuti theka lokha, thokozani ndi mtima wonse, chifukwa K236,000 ija ikubwerabe ndipo ndi imene ikusunga mwana pasukulu. Tengani mapepala omwe aja mupite nawo kwa mphunzitsi wamkulu sukulu isanatsegulidwe, mukapemphe kulipira zotsalazo m'magawo, ndipo chimene mwagwirizana chilembedwe. Mukhozanso kukafunsa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo ya Kasungu ngati pali mwayi wa basale, ngakhale opempha kumeneko amakhala ambiri kuposa ndalama.

Mayi wa ku America uja anayankha patapita masiku anayi. Anaimbira kaye kusukulu, kenako analipira K240,000 ku akaunti ya sukuluyo, n'kutumiza K56,000 yotsala kwa mlamu wanga. Mtsikanayo atapita kusukulu mu Januwale, anakatenga lisiti kwa abasa tsiku lomwelo, bambo ake n'kulijambula pa mphasa yomwe ija n'kulitumiza. Inunso ndalama ikafika musadikire kufunsidwa: lembani mizere itatu yonena kuti mwalandira zingati, pa tsiku liti, ndipo zapita kuti, lisiti likhale pansi pake, sabata isanathe.